Wantchito mmodzi amadya ndalama zingati pamwezi? Mafunso a olemba ntchito ndi mayankho ake

Eni mabizinesi ambiri akafuna kulemba munthu ntchito amadzifunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi akwanitsa kumulipira zingati. Akatchula K400,000 mumtima amaona ngati nkhani yathera pomwepo. Pakapita miyezi itatu amayamba kudabwa kuti ndalama za mʼbizinesi zikuthera kuti, pomwe malonda akuyenda monga kale. Mafunso ali mʼmunsiwa ndi omwe eni mashopu, masukulu a pulaiveti ndi magalaja amafunsa kawirikawiri. Kuti tisamangoyankhula mʼmalere, titenga chitsanzo chimodzi chongoyerekeza nʼkuyenda nacho mpaka kumapeto: mayi wina ali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, ndipo akufuna kulemba mnyamata wosunga katundu. Agwirizana K400,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe, ndipo mnyamatayo azigwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata.

Ngati tagwirizana K400,000, nʼchifukwa chiyani mukuti ndimataya yoposa pamenepo?

Chifukwa ndalama zokhudza wantchito zili mʼmagulu atatu, ndipo K400,000 ija ndi gulu limodzi chabe. Gulu loyamba ndi malipiro enieniwo, omwe mkati mwake mumachoka msonkho ndi gawo la penshoni la wantchitoyo. Gulu lachiwiri ndi ndalama zomwe lamulo limafuna kuti inuyo muwonjezere pamwamba kuchokera mʼthumba la bizinesi. Gulu lachitatu ndi ndalama zomwe simutulutsa mwezi uno, koma ngongole yake ikukula mwezi ndi mwezi ndipo tsiku lina idzafunika yonse nthawi imodzi.

Mukasiyanitsa magulu atatuwa, masamu otsalawo ndi a ku pulayimale. Amene amasokonezeka nthawi zambiri sasokonezeka pa kuchulukitsa kapena kugawa. Amasokonezeka poika ndalama mʼgulu lomwe si lake.

Tiyambe ndi msonkho wa PAYE. Umenewu si ndiye katundu wamkulu kwa ine?

Ayi, mayi. PAYE ndi msonkho wa wantchito, inuyo ndinu mtumiki wongoutolera nʼkukaupereka ku MRA. Umachoka mkati mwa K400,000, osati pamwamba pake.

Tiwerenge pogwiritsa ntchito milingo yomwe inayamba mu Epulo 2024. Pa nthawiyo K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo yopitirira K500,000 inkayamba kudulidwa 30 peresenti. Mnyamata wathu, tikachotsa K150,000 pa K400,000, yotsala ndi K250,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama imeneyi ndi K62,500. Milingo imeneyi boma limaisintha pa bajeti, choncho musanakonze malipiro onani mlingo womwe MRA yalengeza pa nthawiyo. Koma taonani chinthu chimodzi: mlingo ukwere kapena utsike, K400,000 yanu sisintha. Chomwe chimasintha ndi ndalama yomwe mnyamatayo apite nayo kunyumba.

Pali pomwe PAYE imasandukadi katundu wanu. Mukapanda kudula, kapena mukadula koma osapereka pofika pa 14 mwezi wotsatira, MRA imafunsa inuyo, osati wantchito, ndipo imaonjezera chindapusa. Ndalama ya msonkho yomwe mwadula musaiyese mpamba wogulira simenti wina. Si yanu.

Nanga penshoni, ndani amalipira zingati?

Lamulo la penshoni, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 ndipo linakonzedwanso mu 2023, limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti kapena kuposerapo, wantchito aziika 5 peresenti. Kwa mnyamata wathu, gawo lake ndi K20,000 ndipo limachoka mʼmalipiro ake, pomwe gawo lanu ndi K40,000 ndipo limachoka mʼbizinesi. Zonse pamodzi, K60,000, mumazitumiza ku kampani yosunga penshoni pasanathe masiku 14 mwezi utatha.

Apa ndi pomwe ndimaona zolakwika ziwiri zosiyana. Ena amawerenga 15 peresenti yonse ngati yotuluka mʼthumba lawo, ndiye amachita mantha nʼkusiya kulemba munthu yemwe akanamukwanitsa. Ena amadula 15 peresenti yonseyo pa malipiro a wantchito. Kulakwitsa koyambako kumangokutayitsani mwayi, koma kwachiwiriko ndi kulanda. Gawo la wolemba ntchito silidulidwa kwa wantchito, ngakhale iye atavomera chifukwa chosowa pogwira.

Tsopano titha kuona mmene ndalama zimatulukira. Pakutha pa mwezi mnyamatayo alandira K317,500, yomwe ndi K400,000 kuchotsapo K62,500 ya msonkho ndi K20,000 ya penshoni. Pofika pa 14 mwezi winawo mutumiza K62,500 ku MRA ndi K60,000 ku penshoni. Mukaphatikiza zitatuzi mupeza K440,000. Iyi ndi njira yabwino yodzifufuzira: ndalama yomwe wantchito walandira, kuphatikiza ya MRA ndi ya penshoni, iyenera kufanana ndi malipiro onse kuphatikiza 10 peresenti yanu. Zikapanda kufanana, pena pake mwawerenga chinthu kawiri kapena mwachisiya.

Bwanji nditagawa malipirowo, K250,000 ikhale salale ndipo K150,000 ikhale alawansi, kuti penshoni ichepe?

Anthu amachitadi zimenezi, koma sindikukulangizani. Lamulo limayangʼana malipiro otsimikizika, omwe munthu amalandira mwezi uliwonse mosalephera. Ndalama yomwe imabwera mwezi ndi mwezi mosasintha, kuipatsa dzina lina sikuichotsa mosavuta mʼgulu limenelo. Pokonza bajeti werengerani 10 peresenti pa malipiro onse okhazikika. Mwa njira yachidule ija mupulumutsa K15,000 pamwezi, koma mukadzapezeka kuti munkapereka yochepa, mudzabweza ya miyezi yonse yapitayo pamodzi ndi chilango. Komanso ndalama yomwe mukuichepetsayo ndi ya ukalamba wa munthu yemwe mwamusungitsa makiyi a sitolo yanu.

Ndamva kuti palinso inshuwaransi yomwe imayendera limodzi ndi penshoni. Ndi yokakamiza?

Inde, ndipo ndi yomwe ambiri amaiiwala. Lamulo lomwelo limafuna kuti wolemba ntchito agulire wantchito aliyense inshuwaransi ya moyo, yoti akamwalira ali pantchito banja lake lilandire ndalama yosachepera malipiro ake a chaka chathunthu. Kwa mnyamata wathu ndi K400,000 kuchulukitsa ndi 12, yomwe ndi K4,800,000.

Mtengo wa inshuwaransiyi sulembedwa mʼlamulo. Kampani ya inshuwaransi imaupima poona zaka za antchito anu, kuchuluka kwawo ndi mtundu wa ntchito. Mʼchitsanzo chathu tiyerekeze kuti akuuzani K72,000 pachaka, ndiye kuti K6,000 pamwezi. Pofunsa mtengo funsaninso ngati kampani yosunga penshoni ili ndi ndalama yake yoyendetsera thumbalo, komanso kuti amalipira ndani, chifukwa ikakhala ya inu iyenera kulowa mʼmasamu anu.

Yerekezani K6,000 pamwezi ndi K4,800,000 yomwe banja la malemu lingabwere kudzafuna kwa inu ngati simunagule inshuwaransiyo. Shopu zambiri za ku Limbe sizingatulutse ndalama yotere osatseka zitseko.

Palinso nkhani ya kuvulala. Lamulo la chipukutamisozi cha antchito la 2000 limaika udindo pa wolemba ntchito ngati munthu wavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito yake. Mnyamata wonyamula malata ndi matumba a simenti tsiku lililonse sali kutali ndi ngozi. Olemba ntchito ambiri amagula inshuwaransi ina yoteteza mbali imeneyi. Tiyerekeze kuti yanu ndi K48,000 pachaka, kapena kuti K4,000 pamwezi.

Ya TEVETA ija ndi chiyani? Ine sindiphunzitsa umisiri.

Siiyangʼana ngati mumaphunzitsa. Lamulo la 1999 linakhazikitsa bungwe la TEVETA, ndipo olemba ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro omwe anapereka chaka chapitacho, ndipo ndalamayo imathandiza maphunziro a ntchito zamanja. Masiku ano imatoleredwa kudzera ku MRA. Imeneyinso ndi yanu, sidulidwa kwa wantchito.

Kwa mnyamata wathu ndi K48,000 pachaka, ndiye muziika pambali K4,000 mwezi uliwonse. Kwa munthu mmodzi ndi yochepa. Kwa sukulu yomwe ili ndi aphunzitsi 30, ikabwera yonse pamodzi imapweteka.

Tiphatikize zomwe tapeza. Tafika pati?

Malipiro K400,000, penshoni ya inu K40,000, ya TEVETA K4,000, inshuwaransi ya moyo K6,000 ndi inshuwaransi ya ngozi K4,000. Zonse ndi K454,000. Ngati mumagwiritsa ntchito Excel, ikani malipiro a pamwezi mu B1, ndipo mitengo ya pachaka ya inshuwaransi ziwirizo mu B2 ndi B3:

```
=B1*1.11+(B2+B3)/12
```

Nambala ya 1.11 ikuimira malipiro onse, kuphatikiza 10 peresenti ya penshoni ndi 1 peresenti ya TEVETA. Koma K454,000 ikutiuza za gulu loyamba ndi lachiwiri lokha. Gulu lachitatu lija, losaoneka pa pepala la malipiro, silinalowe.

Tchuthi chimalowa bwanji mʼmasamu, poti malipiro ake ndi omwe aja?

Funso ili ndi labwino, ndipo yankho lake limatengera bizinesi yanu. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata tchuthi cha masiku 18 a ntchito pachaka, ndipo wogwira masiku asanu amapatsidwa 15. Pa masiku amenewo amalandira malipiro ake onse. Ngati mnyamatayo akapita ku tchuthi inu nomwe mumalowa mʼsitolo nʼkugwira ntchito yake, palibe kwacha yowonjezera yomwe yatuluka, mwangotopa. Koma ngati muyenera kuitana wina wogwirizira, ndiye kuti masiku 18 amenewo mwalipira anthu awiri pa ntchito imodzi.

Mtengo wake timaupeza chonchi. Mwezi wa munthu wa masiku asanu ndi limodzi uli ndi masiku 26 a ntchito, ndiye tsiku limodzi ndi K400,000 kugawa ndi 26, pafupifupi K15,385. Masiku 18 ndi pafupifupi K277,000, ndipo tikaigawa mʼmiyezi 12 ndi K23,000 pamwezi.

Pali msampha wina womwe olemba ntchito amadzitchera okha. Wantchito wolimbikira amamukaniza tchuthi chaka ndi chaka, ati ntchito yachuluka. Tsiku lomwe akuchoka amafuna ndalama ya masiku omwe sanapume, ndipo nkhaniyo ikafika ku ofesi ya leba, wolemba ntchito yemwe alibe buku losonyeza masiku a tchuthi amasowa choyankha.

Matenda ndi uchembere ndi zovuta kuziikira nambala ya pamwezi, koma muzizidziwa. Munthu akatha miyezi 12 pantchito ali ndi ufulu wa milungu inayi ya matenda pa malipiro athunthu ndi milungu isanu ndi itatu pa theka la malipiro, pakakhala kalata ya kuchipatala. Mayi woyembekezera amapuma milungu isanu ndi itatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Zimenezi si chifukwa chokanira kulemba amayi ntchito, pakuti kusankha kotero lamulo lomwelo limaletsa. Ndi chifukwa chosungira kenakake pambali.

Popeza ndikulipira penshoni, ndikadzamuchotsa palinso china chomwe ndidzamupatse?

Zimatengera chifukwa chomwe ntchito yathera. Akasiya yekha, kapena akachotsedwa mwachilungamo chifukwa cha mlandu, ndalama ya sevelansi palibe. Koma ikatha chifukwa bizinesi yavuta kapena mukuchepetsa antchito, kapenanso zikapezeka kuti munamuchotsa mopanda chilungamo, mumalipira sevelansi ngakhale munkasonkha penshoni. Pa zaka zisanu zoyamba ndi malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chomwe wamaliza. Kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi ndi milungu itatu, ndipo kupitirira apo ndi milungu inayi.

Kwa mnyamata wathu, malipiro a mlungu umodzi ndi K4,800,000 kugawa ndi milungu 52, pafupifupi K92,300. Milungu iwiri ndi K184,600, yomwe pamwezi ndi K15,400. Akagwira zaka zisanu nʼkuchotsedwa chifukwa malonda agwa, mudzafunika ndalama yoposa K920,000, ndipo idzawerengedwa pa malipiro a nthawi imeneyo, omwe adzakhala atakwera.

Ena amatsutsa kuti bwanji kusungira chinthu chomwe mwina sichidzachitika. Ine ndimati sungani, ndipo chifukwa chake ndi ichi: sevelansi imafunika pa nthawi yomwe bizinesi ilibe ndalama, pakuti kusowa ndalamako ndiko kwakuchititsani kuchepetsa antchito. Palibe amene amachotsa anthu mwezi womwe wapha makwacha. Ikapanda kufunika, ndalamayo ndi yanu ndithu, simunataye kanthu.

Kwa antchito omwe lamulo linawapatula kuti sali pa penshoni yokakamiza, mʼmalo mwake pamakhala gilatuwite, yomwe ndi 5 peresenti ya malipiro a mwezi uliwonse womwe agwira, yoperekedwa ntchito ikatha.

Ndiye mtengo weniweni ndi uti?

Pa K454,000 ija tionjezere K23,000 ya wogwirizira pa tchuthi ndi K15,400 ya sevelansi. Tionjezerenso ovolosi, nsapato zolimba ndi magolovesi, zomwe tiyerekeze kuti ndi K60,000 pachaka kapena K5,000 pamwezi. Tafika pa K497,400. Munthu wa K400,000 akudya pafupifupi theka la miliyoni, 24 peresenti pamwamba pa malipiro ake, pomwe iye mʼmanja akulandira K317,500. Nʼchifukwa chake bwana amaona kuti akulipira zambiri, wantchito nayenso nʼkumaona kuti akulandira zochepa, ndipo onse awiri akunena zoona.

Ovataimu sitinaiwerenge. Sabata ya maola 48 imapereka maola 208 pamwezi, ndiye ola limodzi la mnyamatayu ndi K1,923. Ola lowonjezera pa tsiku wamba limalipidwa kamodzi ndi theka, K2,885, ndipo pa tsiku lake lopuma limalipidwa kawiri. Ngati lole ya simenti imakonda kufika madzulo, nʼkumamusunga maola 10 owonjezera pamwezi, onjezerani K29,000. Mtengo wakwera kufika pa K526,400.

Musatenge 24 peresenti ngati lamulo la paliponse. Gawo lokhazikika ndi 11 peresenti yokha. Zinazo zimatengera ntchito, ndipo kampani yomwe imalipirira antchito ake sikimu ya chipatala monga MASM ipeza nambala yokulirapo.

Wina amene ndikufuna kumulemba akuti akufuna K400,000 ya mʼmanja. Pali kusiyana?

Kulipo kwakukulu, ndipo mawu awiri akuti ya mʼmanja agwetsa anthu ambiri. Mukavomera zimenezi ndiye kuti mwasenza msonkho wake ndi gawo lake la penshoni. Pa milingo ya 2024 ija, kuti munthu atsale ndi K400,000, malipiro ake onse ayenera kukhala K519,231. Pamenepo msonkho ndi K93,269, penshoni yake ndi K25,962, ndipo yotsala ndi K400,000 ndendende. Mukaonjezera 11 peresenti yanu pa K519,231 mufika pa K576,346, pomwe pa mgwirizano woyamba uja malipiro ndi 11 peresenti zinali K444,000. Kusiyana kwake ndi ndalama yoposa K132,000 mwezi uliwonse, inshuwaransi ndi sevelansi tisanaziwerengenso, ndipo nazonso zikwera chifukwa zimatsata malipiro.

Choopsa china nʼchakuti boma likakweza msonkho, wolandira ya mʼmanja sakhudzidwa, mumakhudzidwa ndinu. Mʼkalata ya ntchito lembani malipiro onse msonkho usanachotsedwe, ndipo mumuonetse munthuyo papepala zomwe azilandira zikachotsedwa zonse, asanasaine.

Bwanji mʼmalo mokweza malipiro ndizimupatsa zinthu, monga galimoto kapena nyumba?

Zinthu zotere zili ndi msonkho wake, womwe a MRA amautcha FBT. Wolipira ndi wolemba ntchito, pa 30 peresenti ya mtengo womwe lamulo laikira chinthucho, ndipo umaperekedwa miyezi itatu iliyonse. Wosunga katundu sapatsidwa galimoto, koma tiyerekeze kuti bizinesi yakula ndipo mwalemba manijala nʼkumupatsa galimoto yomwe munagula pa K20,000,000 kuti aziyendera ngakhale pa zake. Lamulo limatenga 15 peresenti ya mtengo wogulira pachaka, K3,000,000, ndipo msonkho wake ndi K900,000 pachaka, kapena K75,000 pamwezi. Mafuta, matayala ndi inshuwaransi ya galimotoyo zili padera.

Ndingadziwe bwanji kuti masamu anga akhala akulakwika?

Yangʼanani pa 14 mwezi uliwonse. Ngati tsiku limeneli likamayandikira mumayamba kufunafuna ngongole yolipirira MRA ndi penshoni, ndiye kuti munaona K317,500 ngati mtengo wa wantchito ndipo yotsalayo inalowa mʼkatundu. Chizindikiro china ndi wantchito kubwera ndi sitetimenti yake ya penshoni yosonyeza miyezi yopanda kanthu, pomwe papepala lake la malipiro ndalama inkadulidwa. Banki Yaikulu ya dziko lino, yomwe imayangʼanira nkhani za penshoni, yakhala ikudandaula za olemba ntchito otere kwa zaka zambiri, ndipo wantchito ali ndi ufulu wokadandaula kumeneko.

Mankhwala ake ndi osavuta ngakhale amafuna kudziletsa. Tsegulani akaunti ina ku banki yomwe simugulira katundu. Tsiku lomwe mukulipira mnyamatayo K317,500, samutsirani ku akauntiyo ndalama yonse yotsala pa K497,400, yomwe ndi K179,900. Mmenemo ndimo muzichoka ya MRA, ya penshoni, ya TEVETA ndi ya inshuwaransi nthawi yake ikakwana, ndipo ya tchuthi ndi sevelansi izitsala momwemo. Ngati mukuona kuti shopu yanu singakwanitse kutulutsa K497,400 mwezi uliwonse, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pomwe mvula imaimitsa zomangamanga, khalani pansi ndi mnyamatayo mugwirizane malipiro omwe mungakwanitse ndi zonse zake musanamupatse kalata.